Kodi akatswiri oyendetsa ndalama za penshoni amaupambanadi msika?

Munthu wa ku Bangula amene amagwira ntchito pa esiteti ya nzimbe ya Illovo ku Nchalo amadulidwa K5 pa K100 iliyonse ya malipiro ake kupita ku penshoni, ndipo womulemba ntchito amawonjezerapo K10, malinga ndi dongosolo lomwe linayamba ndi lamulo la 2011. Ndalamazi zimafikira m'manja mwa makampani oyendetsa chuma, omwe amagula nazo masheya, nyumba komanso kubwereketsa boma.

Pali njira ziwiri zogulira masheya. Yoyamba ndi yolemba akatswiri kuti azisankha makampani amene akuwaona kuti achita bwino, n'cholinga chopeza phindu loposa la msika wonse. Yachiwiri ndi yongogula masheya a makampani onse molingana ndi kukula kwawo, n'kuwasunga. Njira yachiwiriyi, yomwe John Bogle anaifikitsa kwa anthu wamba ku America mu 1976, imatchipa chifukwa palibe wolipidwa kuti azisankha.

Umboni wa zaka zambiri sukomera akatswiri. Malipoti a SPIVA, omwe akhala akutuluka kuyambira 2002, amasonyeza kuti pakatha zaka 15, pafupifupi mathumba 9 pa 10 aliwonse osankha masheya a makampani akuluakulu a ku America amatsalira m'mbuyo mwa mulingo wa msika wotchedwa S&P 500. Sikuti akatswiriwo ndi mbuli ayi. William Sharpe anafotokoza mu 1991 kuti onse osankha masheya, akaphatikizidwa, amapeza phindu lofanana ndi la msika, pakuti wina akapambana ndiye kuti mnzake waluza. Akachotsapo malipiro awo, mwini ndalama amatsala ndi zochepa.

Malipirowo amaoneka ngati aang'ono, koma tiyeni tiyerekeze. K1 miliyoni ikamakula ndi 15 peresenti pachaka imafika pa K16.4 miliyoni pakatha zaka 20. Woyendetsa akamatengapo 2 peresenti chaka chilichonse, imakula ndi 13 peresenti basi, n'kufika pa K11.5 miliyoni. K4.9 miliyoni yapita, chonsecho palibe amene waba.

Komabe za ku America sitingazitenge zonse. Pamsika wa masheya wa ku Blantyre pali makampani osakwana 20, ndipo masheya ena amatha masiku ambiri osagulitsidwa, kotero kugula msika wonse pa mtengo woyenera n'kovuta. Komanso thumba la penshoni limene ndalama zake zambiri linabwereketsa boma silingayesedwe ndi mulingo wa masheya wa MASI wokha.

Choncho wogwira ntchito akalandira chikalata cha penshoni, afunse matrasti kuti phindu lolembedwalo ndi lotsala atachotsa malipiro onse kapena ayi, ndiponso kuti akuliyerekeza ndi mulingo uti. Afunsenso za zaka 10, osati chaka chimodzi chimene zinthu zinayenda bwino, kenaka aone ngati phindulo linaposa kukwera kwa mitengo ya zinthu m'zaka zomwezo.