Nkhuku, Filiji ndi Banki ya M'mudzi: Kodi Ndi Zinthu Zitatu?

Ambiri mwa amene amaliza maphunziro a ulimi ndi kukakhala ku Lilanda alibe munda waukulu. Amaweta nkhuku za nyama kuseri kwa nyumba, amagulitsa zozizira za m'filiji, ndipo ndalama yotsala amaiika ku banki ya m'mudzi. Munthu wotere amaganiza kuti wagawa chuma chake patatu. Koma funso loyenera kufunsa ndi ili: kodi tsoka limodzi lingagwetse zingati mwa izi tsiku limodzi?

Chaka cha 2024 chinayankha. Mvula italephera, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Chimanga chinasowa, ndipo chakudya cha nkhuku chinakwera mtengo. Madzi anachepa ku Kariba, magetsi n'kumazima maola ambiri, mafiliji n'kuima. Anzanu a ku banki ya m'mudzi, amene ambiri amachita malonda onga anu omwe, anavutika kubweza ngongole pa nthawi yomweyo imene inu munkafuna ndalama yanu. Zinachitikanso mu Januwale 2018, pamene boma linaletsa malonda a m'misewu ya Lusaka chifukwa cha kolera. Zinthu zitatu zodalira magetsi amodzi ndi ogula a m'komboni imodzi n'chinthu chimodzi.

Choncho gawo lina la ndalama liyenera kukhala kumene chilala ndi msika wa Lilanda sizifika msanga. Njira imodzi ndiyo kubwereketsa boma kudzera m'zikalata zimene Bank of Zambia imagulitsa, za masiku 91, 182, 273 kapena 364, kuyambira pa K1,000. Choipa chake n'chakuti ndalamayo imamangika kufikira tsiku lake, ndipo phindu amalidula msonkho. Masheya a makampani onga Zambia Sugar kapena Zanaco pa Lusaka Securities Exchange aliponso, koma mtengo wake umatsika nthawi zina, ndipo wogula sapezeka tsiku lililonse.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya kukula kwa gawo lililonse. Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza. Mayi wina walemba phindu lake kwa miyezi 12: mwezi woipitsitsa anapeza K2,500, wabwino koposa K7,000, pamene lendi, chakudya ndi zina za pakhomo zimadya K2,200. Chilichonse chofuna kusonkha mwezi ndi mwezi, monga chilimba, achiyeze ndi mwezi woipitsitsawo, ndiye kuti chisapitirire K300. Amene amalonjeza K1,000 ali ndi ndalama ya Disembala m'manja, Febuluwale amamupeza kwa a kaloba, ndipo chiwongoladzanja cha kumeneko chimameza phindu lonse la chilimbacho.

Zotsala za miyezi yabwino ziyambe zadzaza thumba la pangozi, lokwanira miyezi itatu ya pakhomo, K6,600, losungidwa ku banki kapena pa foni kumene lingatapidwe tsiku lomwelo. Thumba limeneli silibala, ndipo kukwera kwa mitengo kumalidya pang'onopang'ono, komabe ndilo limene limamuletsa kugulitsa nkhuku zosakhwima mwana akadwala.

Tinene tsono kuti kupatula thumbalo mayiyu ali ndi mpamba wa K20,000. Adziikire malire akuti chinthu chimodzi chikalephera asataye koposa gawo limodzi mwa magawo khumi, K2,000. Taonani kuti malirewa ndi a zimene angataye, osati zimene angaike. Ngongole yopatsa mnzake ingathe kupita yonse, choncho isapose K2,000. Nkhuku n'zosiyana. Ngati anapiye 100 pamodzi ndi chakudya ndi katemera afuna K9,000 kufikira milungu isanu ndi umodzi, ndipo iye akuona kuti ulendo woipa ungamutayitse gawo limodzi mwa atatu, ndiye K3,000, zomwe zapyola malire. Anapiye 60 afuna K5,400, ndipo kutaya kwake ndi K1,800. Aike 60.

Masamu amenewa ali ndi polekezera. Chitopa chikalowa m'khola losatemera sichisiya magawo awiri, chimasesa pafupifupi zonse, ndipo K5,400 ingapite yathunthu. Kuwerengera gawo limodzi mwa atatu n'kwa mlimi yekhayo amene amatsata katemera ndi kusiya khola lopanda kanthu kwa masiku angapo atalitsuka, asanalowetse anapiye ena.

Pakutha pa miyezi itatu iliyonse mayiyu awerengenso mpamba wake. Ukatsika kufika pa K15,000, malire atsike kufika pa K1,500, ndipo anapiye a ulendo wotsatira akhale 50. Mtima umafuna kuika 150 kuti zotayika zibwerere msanga, koma 150 afuna K13,500, pafupifupi mpamba wonse wotsalawo m'khola limodzi.