Kusankha Zitsulo za Lintala, Bimu ndi Silabu: Y10, Y12 Kapena Y16?

Konkire ndi yolimba ikamapanikizidwa, koma ikamakokedwa imang'aluka msanga. Bimu ikayedzamira pa zipilala ziwiri n'kusenza katundu, imapindikira pansi pang'ono. Mbali yake ya pamwamba imafinyika, ya pansi imatamuka. Zitsulo zimaikidwa m'konkire kuti zigwire mbali yotamukayo. Choncho funso la womanga si kukula kwa chitsulo kokha ayi. Ayenera kudziwa mtundu wake, kuchuluka kwake, ndiponso pamene chidzagone m'kati mwa konkireyo.

M'mahadiweya a ku Malawi zitsulo zimatchulidwa ndi chilembo ndi nambala. Nambala ndi kunenepa kwa chitsulo m'mamilimita, pamene chilembo chimanena mphamvu yake. R ndi chitsulo chosalala, chofewa, chimene chimayamba kutamuka osabwereranso chikakokedwa ndi mphamvu ya 250 MPa. Y ndi cha mizeremizere ija, ndipo pa muyezo wa ku South Africa wa SANS 920 chimafika 450 MPa. Pa muyezo wa ku Britain wa BS 4449 cha masiku ano chimafika 500. Mizereyo si yokongoletsa: imaluma konkire kuti chitsulo chisaterereke m'kati. N'chifukwa chake zitsulo zosenza katundu zimakhala za Y, ndipo R6 ndi R8 zimapita ku malingi, timphete tozinga zitsulo zazikulu, poti sizivuta kupinda. Malingi amaletsa ming'alu yopendekera imene imabuka pafupi ndi zipilala.

Pa kunenepa ndi pamene ambiri amanyengeka. Y10 ndi Y12 zimasiyana ndi mamilimita awiri okha, ndipo pa maso zimaoneka ngati pachibale. Koma chimene chimanyamula katundu ndi nkhope ya chitsulo pamene chadulidwa. Nkhope ya Y10 ndi masikweya milimita 79, ya Y12 ndi 113, ya Y16 ndi 201. Munthu wogula Y10 m'malo mwa Y12 kuti apulumutse ndalama wachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya bimu yake, ndipo simenti ikauma palibe amene angaone zimenezo.

Bimu ya pakhonde ingasonyeze mmene zinthuzi zimalumikizirana. Mpata pakati pa zipilala ukhale mamita 3, bimu ikhale mamilimita 230 m'lifupi, monga khoma la njerwa, ndi 300 kuchoka pansi kufika pamwamba. Katundu wake, kuphatikiza wowonjezera pofuna chitetezo, akhale matani 2 pa mita iliyonse. Injiniya akawerengera amapeza kuti pansi pa bimuyo pafunika masikweya milimita pafupifupi 250 a chitsulo cha Y. Ma Y12 awiri amapereka 226, ndiye aperewera. Atatu amapereka 339, ndiye akwana. Wina akati agwiritse chitsulo chosalala cha mamilimita 12 omwewo, pafunika zinayi, chifukwa cha kufooka kwa R.

Tsopano mwini nyumba asinthe maganizo, zipilala zitalikirane mamita 4. Mpata wakula ndi mita imodzi yokha, koma mphamvu yopinda bimu sikula motsatira utali. Imakula motsatira utali kuchulukitsa ndi utali womwewo, kuchoka pa 9 kufika pa 16. Zitsulo zofunika zafika cha m'ma 450. Ma Y12 atatu aja sakwananso, ngakhale ma Y16 awiri, amene amapereka 402, aperewera. Apa pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kuika ma Y16 atatu. Yachiwiri, imene kawirikawiri imakhala yanzeru, ndi kukweza bimu kufika mamilimita 400. Zitsulo zikatalikirana ndi pamwamba pa bimu zimagwira ntchito mopepukidwa, monga mmene mpini wautali umapepukitsira ntchito ya dzanja, ndipo ma Y12 atatu omwe aja amakwananso. Bimu yokwezedwa sifulumiranso kugwa mimba pakati. Mawu akuti “timaika Y12 paliponse”, amene amamveka pa malo ambiri omanga, amaiwala zonsezi.

Lintala wa chitseko kapena windo wamba alibe nkhani yaitali. Pa mpata wosapitirira mita imodzi ndi theka, pamwamba pali njerwa zokha ndi denga la malata, ma Y10 kapena Y12 awiri pansi, awiri ena pamwamba ogwira malingi, ndi malingi otalikirana mamilimita 150 amakwana, bola lintalayo alowe m'khoma mamilimita 200 mbali iliyonse. Koma pamwamba pake pakatsamira silabu kapena thanki ya madzi, ameneyo salinso lintala wamba. Ndi bimu yofunika kuwerengera.

Silabu imafuna zosiyana: zitsulo zing'onozing'ono zoyandikana. Silabu ya pamwamba pa chipinda cha mamita 3 m'lifupi, yokhuthala mamilimita 150, kawirikawiri imayalidwa ma Y10 otalikirana mamilimita 200, zomwe zimapereka 393 pa mita iliyonse. Ma Y16 otalikirana theka la mita angapereke chiwerengero chofanana, koma pakati pake pamatsala konkire yopanda choigwira, ndipo ming'alu imatseguka kwambiri. Zitsulo zazikulu za silabu zimadutsa mbali yaifupi ya chipinda ndipo zimakhala pansi penipeni. Zopingasa zimagona pamwamba pake. Silabu yotulukira kunja yopanda chipilala, monga kadenga ka pamwamba pa khomo, ndi yotembenuka: imatamuka pamwamba, ndiye zitsulo zake zimakhala pamwamba n'kulowa kutali m'nyumba. Anyamata othira konkire akazipondereza pansi ndi mapazi ndi mawilibala, kadengako kangagwe tsiku lochotsa matabwa.

Kuteteza chitsulo ku dzimbiri ndi mbali ya nkhani yomweyi. Pakati pa chitsulo ndi kunja payenera kukhala konkire yosachepera mamilimita 25 m'nyumba, ndi 50 kapena kuposa pamene konkire ikukhudza dothi. Timabuloko ta simenti tomangiriridwa ndi waya ndi timene timasunga mpatawu. Zidutswa za njerwa zimamwa madzi n'kuwafikitsa pa chitsulo. Mizere yofiirira kunsi kwa silabu ndi konkire yosupuka ndi zizindikiro zoti chitsulo chinagona pa thabwa. Polumikiza zitsulo ziwiri, zipitirirane utali wokwana kunenepa kwake kuchulukitsa ndi 50, kutanthauza mamilimita 600 pa Y12, ndipo zitsulo za pansi zisalumikizidwe pakati pa mpata, pamene kutamuka kuli kwakukulu.

Chotsala ndi kutsimikiza kuti chogulidwacho ndi chimene chatchulidwa. Pa msika pamapezeka zitsulo zoonda zogulitsidwa ndi dzina la zonenepa, ndipo kuyeza ndi tepi pamwamba pa mizere kumanamiza. Sikelo sinama. Kulemera kwa mita imodzi m'makilogalamu kumapezeka ndi d²/162, pamene d ndi kunenepa m'mamilimita. Mita imodzi ya Y10 iyenera kulemera makilogalamu 0.62, ya Y12 0.89, ya Y16 1.58. Kudula mita imodzi n'kuiika pa sikelo ndi ntchito ya mphindi zochepa. Chitsulo chabwino chimapindikanso chozizira osang'aluka pa ngodya. Chothyoka kapena chofuna moto kuti chipindike n'chokayikitsa. Mphamvu yeniyeni ya 450 kapena 500 sioneka ndi maso, ndiye wogulitsa ayenera kusonyeza chikalata cha ku fakitale.

Ziwerengero zonsezi ndi za nyumba yaing'ono ndi konkire yosakanizidwa bwino. Silabu imene anthu adzayendepo pamwamba, bimu yopitirira mamita 3, ndi chilichonse chotulukira kunja popanda chipilala ziyenera kuwerengeredwa ndi injiniya zitsulo zisanagulidwe.