Akaunti Yogona: Itsekeni, Ndalama Zikutsateni

Akaunti imene munasiya mutachoka nchito siifa yokha. Ikagona zaka 10 osaigwira, ndalama zimapita ku Bank of Zambia. Ine yanga ndinakatseka mu Cairo Road ndi kalata imodzi yopita kwa manijala.

M'kalatamo ikani dzina monga lilili pa NRC, nambala ya NRC, nambala ya akaunti yotseka, foni ndi adilesi. Ngati munatsegula muli ku Kabwata koma lomba mukhala ku Chelstone, lembani konse kuwiri. Onjezani banki, nthambi, dzina ndi nambala ya akaunti yolandira ndalamazo.

Sainani monga kale, chifukwa siginecha ikasiyana adzakubwezani. Nyamulani NRC yeniyeni, osati fotokope chabe. PIN yeve musalembe olo pang'ono. Pochoka, akudindireni kope yanu.