Konkire isanakwirire zolakwika

Pa ntchito yomanga nyumba, zolakwika zodula kwambiri zimabisala pansi pa dothi kapena m'kati mwa konkire. N'chifukwa chake injiniya wodziwa ntchito amakhala pansi ndi mwini nyumba komanso kontilakita khasu lisanakhudze nthaka, n'kulemba ndondomeko yoyendera ntchitoyo. Pepalalo limatchula chimene chidzayezedwe, mulingo woyenera, amene adzayeze ndi amene adzasaine. Mawu oti "ntchito ikhale yabwino" salembedwamo, poti pa mawu otere anthu akhoza kukangana mpaka dzuwa kulowa. Mumalembedwa manambala.

Nyumba ya mamita 9 mulifupi ndi mamita 12 mulitali ndi chitsanzo chabwino. Amisiri akakhoma zikhomo n'kumanga zingwe, woyendera amakoka tepi mopingasa kuchokera pangodya ina kufika pangodya yoyang'anizana nayo. Ngati ngodya zili bwino, tepi iwerenge mamita 15 mbali zonse ziwiri, ndipo ndondomeko ikhoza kulola kusiyana kosaposa mamilimita 10. Ikawerenga 15.08 uku, 14.92 uko, ndiye kuti nyumba yapendekeka. Tsiku limenelo kukonza kwake n'kuzula zikhomo basi. Zikadutsa osaziona, zimadzaonekera pokhoma malata ndi poyala matailosi.

Pali malo ena amene ntchito imaimiratu mpaka woyendera asaine. Amodzi mwa malowo ndi pamene atsala pang'ono kuthira konkire ya bimu yozungulira pamwamba pa mawindo. Apa amawerenga zitsulo kuti aone ngati kuchuluka ndi kukula kwake kukugwirizana ndi pulani, kenako amayeza mpata wa pakati pa chitsulo ndi thabwa, womwe nthawi zambiri umakhala mamilimita 25. Timiyala ta simenti ndi timene timasunga mpatawu. Chitsulo chikagona pa thabwa chimatsala pamtunda, chinyezi chimachipeza, ndipo dzimbiri likamakula limang'amba konkire.

Konkire nayo ili ndi mayeso ake. Ngati pulani ikufuna muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya kwale, chidebe choyezera chikhale chimodzimodzi, osati kuwerenga mafosholo. Anyamata amakonda kuwonjezera madzi kuti isavute kuthira, koma madzi ochuluka amaifooketsa. Ina amaithira m'timabokosi ta mamilimita 150 mbali zonse, ndipo ikauma amakaiphwanya ndi makina kulabotale pakatha masiku 7 ndi 28. Pa masiku 7 imakhala itafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yake, choncho vuto limadziwika msanga.

Ntchito ikalephera mayeso, woyendera amalemba cholakwika ndi tsiku, kontilakita amakonza ndi ndalama zake, ndipo amayezanso. Eni nyumba ochenjera amalembetsa m'pangano kuti ndalama za gawo lililonse zizituluka pokhapokha pepala la gawolo litasainidwa.