Chifukwa chake olemba mapulogalamu amawerenga m'magulu a 16

Aliyense amene anayesapo kusankha mtundu pa kompyuta, kaya popanga chikwangwani kapena khadi la ukwati, anaonapo kabokosi kokhala ndi zolemba monga `#1E90FF`. Ambiri amangoti ndi chinsinsi cha akatswiri. Zoona zake n'zakuti imeneyi ndi nambala, yolembedwa m'kawerengedwe kotchedwa hekisadesimo.

Tikamalemba 30, timatanthauza makumi atatu opanda chotsala. Tili ndi zizindikiro khumi zokha, 0 mpaka 9, ndipo zikatha timayamba mzere wina kumanzere. Mu hekisadesimo mulu umadzaza pa 16, ngati wogulitsa tomato amene wasankha kuti mulu wake uzikhala wa 16 m'malo mwa khumi. Ndiye pamafunika zizindikiro 16. Pambuyo pa 9 amabwereka zilembo: `A` ndi 10, `B` ndi 11, mpaka `F` amene ndi 15. Choncho `1E` ndi mulu umodzi wa 16 ndi 14 zapadera, zonse pamodzi 30.

Nanga n'kuvutikiranji chonchi? Kompyuta payokha siisowa hekisadesimo. Imasunga chilichonse m'timagawo totchedwa mabiti, ndipo biti iliyonse imakhala 0 kapena 1. Amene amavutika ndi munthu, chifukwa maso amasokonezeka msanga poyang'ana mndandanda wautali wa 0 ndi 1. Ubwino wa 16 ndi wakuti mabiti anayi angasanjidwe m'njira 16 ndendende, kotero chizindikiro chimodzi cha hekisadesimo chimaimira mabiti anayi, osapitirira, osaperewera. Tengani nambala 200, imene kompyuta imaisunga ngati `11001000`. Iduleni pakati: `1100` ndi 12, kutanthauza `C`, ndipo `1000` ndi 8. Yankho ndi `C8`. Palibe kugawa kapena kuchulukitsa, n'kungodula basi. Kawerengedwe kathu ka makumi sikangachite zimenezi, chifukwa mu 200 simungaloze kuti 2 akuimira mabiti awa. Kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Mabiti asanu ndi atatu amapanga baiti, muyezo umene unafala kwambiri kampani ya IBM itatulutsa makina a System/360 mu 1964. Baiti imodzi imasunga nambala kuyambira 0 mpaka 255, ndipo mu hekisadesimo nthawi zonse imalembedwa ndi zizindikiro ziwiri, `00` mpaka `FF`.

Tsopano mitundu ija imveka. Kadontho kalikonse pa sikirini kamasakaniza kuwala kutatu: kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, ndipo kulikonse kumapatsidwa baiti yake. Mu `#1E90FF`, kufiira ndi `1E`, kutanthauza 30, kochepa kwambiri. Kubiriwira ndi `90`, milu 9 ya 16, yomwe ndi 144. Buluu ndi `FF`, 255, pamapeto penipeni. Musanauone n'komwe, mwadziwa kale kuti ndi buluu wowala. `#000000` ndi wakuda chifukwa nyali zonse zazima, `#FFFFFF` ndi woyera, ndipo magawo atatuwo akafanana, monga `#808080`, mtunduwo umakhala wotuwa. Mabaiti atatuwa amapereka mitundu 16,777,216.

Memore ya kompyuta nayo ili ndi manambala. Baiti iliyonse ili ndi adiresi yake, ndipo olemba mapulogalamu amailemba ndi `0x` kutsogolo posonyeza kuti ndi hekisadesimo. Makina ambiri amagawa memore m'masamba a mabaiti 4,096, nambala yosakumbukika bwino m'makumi koma yomwe mu hekisadesimo ndi `0x1000`. Munthu akaona adiresi `0x7A3C` amawerenga pomwepo kuti ili pa tsamba 7, pa malo `A3C` kuchokera poyambira tsambalo. Adiresi yomweyo m'makumi ndi 31,292, ndipo kuti mudziwe tsamba muyenera kugawa ndi 4,096. Amene akufufuza chimene chagwetsa pulogalamu amayang'ana maadiresi ochuluka, motero kuwerenga kotere kumam'pulumutsira nthawi.

Zolakwika zilipo. Chofala ndi kuiwala `0x`: kompyuta imawerenga `10` ngati khumi, pamene `0x10` ndi 16, ndipo siidandaula chifukwa zonse ndi nambala zovomerezeka. China chimachitika mtundu ukakhala ndi baiti yachinayi, yonena kuti zakumbuyo zionekere bwanji. Mu Android baiti imeneyi imakhala koyambirira, koma mu CSS, chilankhulo chokongoletsera masamba a pa intaneti, imakhala kumapeto. Choncho `#80FF0000` pa Android ndi mtundu wofiira woonekera mkati pang'ono. Mukaukopera ku CSS, `00` wa kumapetoyo amawerengedwa kuti usaoneke n'komwe, ndipo chinthu chimene munachikongoletsacho chimasowa pa sikirini. Mukaona zotere, werengani zizindikirozo: zikakhala zisanu ndi zitatu, sunthani ziwiri zoyambazo zipite kumapeto, mulembe `#FF000080`.