Tsamba limodzi, matchati atatu: bwana amve pa mphindi imodzi

Lolemba m'mawa m'maofesi ambiri, kalaliki amatula pa tebulo la bwana lipoti la masamba khumi lodzaza manambala. Bwana amatembenuza masamba awiri, kenako n'kufunsa kuti, "Ndiye zinthu zili bwanji?" Funso limenelo ndi lomwe dashibodi imayankha. Dashibodi ndi tsamba limodzi la pa kompyuta, lokhala ndi matchati owerengeka, loti munthu aliwerenge lonse osatsetsereka nalo m'munsi. Dzinali linachokera ku galimoto, kumene dalaivala amaona liwiro ndi mafuta mwa kungoponyako diso. Ogwira ntchito m'maofesi a zaumoyo m'maboma a m'Malawi amaidziwa kale kudzera m'pulogalamu ya DHIS2, koma Excel kapena Google Sheets ndi yokwanira kupangira yakeyake.

Tiyerekeze kampani yogulitsa feteleza yokhala ndi nthambi ku Mchinji, ku Kasungu ndi ku Dedza. Wopanga dashibodi wanzeru sathamangira pa kompyuta. Amayamba wakhala pansi ndi bwana n'kumufunsa zomwe amagamula sabata iliyonse. Mayankho ake sachuluka: kodi malonda akukwera kapena akutsika, ndi nthambi iti yatsalira, ndipo katundu atha liti. Mafunso atatu, matchati atatu. Tchati chimene sichingasinthe chiganizo cha bwana chichotsedwe, ngakhale chitakongola bwanji.

Ntchito yaikulu ili pa tsamba la manambala. Mzere uliwonse ukhale malonda amodzi: deti m'danga A, nthambi mu B, mtundu wa katundu mu C, matumba mu D. Pofuna kuwonkhetsa matumba a ku Dedza, amalemba:

```
=SUMIFS(D:D,B:B,"Dedza")
```

Apa ndi pomwe zinthu zimasokonekera mwakachetechete. Kalaliki wina akalemba "Dedza Boma", wina "Ddza", kompyuta siwerengera mizere imeneyo, ndipo sidandaula. Nthambi imangooneka ngati yagona. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchipeza: kuphatikiza nthambi zitatuzo kuyenera kufanana ndi `=SUM(D:D)`. Zikasiyana, dzina lina lalembedwa molakwika. Mankhwala ake ndi Data Validation, yomwe imakakamiza wolemba kusankha dzina pa mndandanda m'malo molitayipa.

Tchati choyamba chikhale cha mzere, choonetsa malonda mwezi ndi mwezi. Koma feteleza amayenda ndi nyengo. Kuyerekeza Novembala ndi Okutobala kungouza bwana zomwe aliyense akudziwa, kuti mvula yayandikira. Mzere wachiwiri, wotuwa, uonetse chaka chatha, kuti Novembala ayerekezedwe ndi Novembala mnzake. Ndipo ndi bwino kuwerenga matumba, osati ndalama zokha. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, mitengo n'kukwera. Tchati cha makwacha chodutsa nthawi imeneyo chikhoza kukwera mosangalatsa pamene matumba otuluka m'sitolo akuchepa.

Chachiwiri ndi cha mizati, chofananiza nthambi, kuyambira yaikulu kutsikira kwa yaing'ono. Mizati iyambire pa ziro. Ngati Kasungu yagulitsa matumba 500 ndipo Mchinji 480, koma tchati chayambira pa 470, mzati wa Kasungu utalika katatu kuposa wa Mchinji, pomwe kusiyana kwake ndi matumba 20 okha. Excel nthawi zina imadzisankhira poyambira yokha manambala akayandikana chotere, choncho wopangayo alowe mu Format Axis n'kuika Minimum pa 0. Akapanda kutero, woyang'anira nthambi ya Mchinji akalipiridwa popanda mlandu.

Chachitatu ndiye chimapulumutsa ndalama. Kunena kuti ku Dedza kwatsala matumba 240 a Urea sikuuza bwana kanthu. Koma ngati nthambiyo imagulitsa matumba 30 pa tsiku, ndiye kuti katundu atha m'masiku 8. Ngati kuchokera poitanitsa mpaka lole kufika pamatenga masiku 10, kampani yachedwa kale ndi masiku awiri. Choncho tchatichi chionetse masiku otsala, ndipo chilichonse chosafika masiku 10 chifiire. Mtundu wofiira usungidwire pamenepo pokha. Ukamwazika tsamba lonse, diso limasowa pogwira.

Mitu ya matchati inene nkhani. "Malonda a nthambi" ndi mutu wopanda mchere. "Dedza yatsalira ndi matumba 120 pa mulingo wa mwezi" ndi mutu womwe bwana angagwirire ntchito, bola uzisinthidwa manambala akasintha. Pamwamba palembedwenso deti limene manambala analowetsedwa komaliza, chifukwa dashibodi ya milungu itatu yapitayo imaoneka chimodzimodzi ndi ya lero.

Kuyesa kwake n'kwapafupi. Wopanga apatse tsambalo mnzake yemwe sanalionepo, adikire mphindi imodzi, alitseke, n'kumufunsa nthambi yomwe ikufunika katundu msanga. Akalephera kuyankha, wopangayo abwerere kukachotsa zina pa tsambalo asanalipereke kwa bwana.