Kalata Yoperekeza Mayi Woyembekezera

Mayi woyembekezera miyezi 8 afika pachipatala chaching'ono akudandaula mutu ndi kuona zachizimezime, BP ili 170/115, mkodzo ukuonetsa puloteni. Uyu akhoza kuyamba kukomoka nthawi iliyonse, choncho dokotala wothandizira amamutumiza kuchipatala cha boma, kalata ili m'manja.

M'kalatamo amalemba kuti mimbayi ndi yachingati, mutu unayamba liti, BP anayeza nthawi yanji, komanso ngati mtima wa mwana ukumveka. Pamwamba amalemba kuti ndi zamwadzidzidzi.

Mzere umene ndimaudera nkhawa ndi wa mankhwala. Ngati wamubaya maginiziyamu salufeti woteteza kukomoka, alembe mlingo wake ndi ola lake. Akaiwala, akuboma akhoza kubayanso msangamsanga, ndipo mankhwalawa akachuluka m'thupi amafooketsa kupuma.